Tsiku Limene Ankhoswe Anatenga Chipewa mu Komiti

Ntchito yanga kwa zaka zambiri inali kuwerenga mitu ya anthu ndi kulemba zimene agwirizana. Ndinali mlembi wa makomiti ku khonsolo. Anzanga a ku Rugare, kumene ndinakulira, ankaganiza kuti ndimangotayipa makalata ndi kumwa tiyi wa makhansala, ndipo sindinkalimbana nawo, poti tiyiyo ndinkamwadi. Koma msonkhano sunkayamba ndisanagwedezere mutu wapampando, ndipo chimene sichinalowe m'maminitsi anga chinali ngati sichinachitike. Ntchitoyi ndinkaidziwa, ndipo sindichita manyazi kunena choncho.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anatsala pang'ono kundikhotetsa dzanja, ndipo anali ankhoswe anga. Sanali achibale athu ayi. Abale enieni anatsala kumudzi ku Malawi, ndiye kuno ku Harare mnzawo wa bambo ako ndi amene amasanduka malume ako. Iwowa anachokera boma limodzi ndi bambo anga. Bambo ankagwira ntchito ku njanji, iwo anali kapitawo pa fakitale ina ku Willowvale. Pa ukwati wanga anaima ngati nkhoswe, ndipo chaka china ine ndi amuna anga titatsala pang'ono kugawana mapoto, iwo ndi amene anatikhazika pansi mpaka tinamvana. Atapuma pa ntchito, anthu a m'dera lawo anawasankha kukhala khansala. Tinasangalala zedi kuti munthu wathu, wolankhula Chishona chokhota ngati cha bambo anga, walowa m'khonsolo.

Ankhoswe anali ndi chipewa chotuwa chimene aliyense wa ife ankachiopa. Kubungwe lathu la maliro, ngakhale kumsonkhano wa akulu ampingo, munthu wamkulu sakangana ndi ana mpaka thovu kukamwa. Amanena maganizo ake kamodzi, ndipo akaona kuti sakumveka amatenga chipewa n'kutuluka. Zikatero msonkhano umaima. Palibe amene amapitiriza nkhani munthu wamkulu ali panja. Amatuma anthu awiri kukamupepesa, iye amabwerera pang'onopang'ono, ndipo nkhaniyo amayambanso kuikamba mwaulemu. Ankhoswe anali katswiri wa zimenezi. Ndili mtsikana ndinawaona akutuluka pa nkhani ya mtundu wa nsalu ya kwaya, ndipo nsaluyo inasinthidwa.

Tsono panabuka nkhani ya amayi a pa renki ya makombi, pamene maminibasi amakwezera anthu, m'dera lawo. Ankagulitsa tomato, masamba ndi chimanga chootcha, ndipo ambiri anali anthu athu amene anachoka m'mafamu n'kubwera m'tauni ali chimanjamanja. Mavoti a ankhoswe anachokera kwa amayi amenewa. Akuluakulu oona za misewu analemba lipoti loti matebulo a amayiwo ali pamwamba pa ngalande, ndipo makombi amadutsa pafupi kwambiri ndi miyendo yawo. Anapempha kuti asamutsidwire kuseri kwa mashopu, kumene khonsolo inali itaika kale simenti. Lipotilo silinali labodza. Koma kuseri kwa mashopu sikudutsa munthu wotsika kombi, ndipo tomato sadziyendera yekha kukafuna womugula.

Nkhaniyi ndinaiika ndekha pa ajenda ya komiti, nambala seveni, n'kutumiza mapepala kwa makhansala masiku angapo msonkhano usanachitike, monga malamulo athu oyendetsera misonkhano amanenera. Ankhoswe anawerenga, n'kupita pa renki kukalonjeza amayi aja kuti iwo ali moyo palibe tebulo limene lisunthe.

Komitiyo inali ya makhansala naini, ndipo kolamu yake, ndiye kuti chiwerengero chochepetsetsa cha anthu chimene chimalola komiti kumanga mfundo, inali anthu asanu. Tsikulo anabwera sikisi. Ndinawerenga, ndinagwedezera mutu wapampando, tinayamba. Titafika pa nambala seveni ankhoswe anaimirira, ngakhale kuti mu komiti anthu amalankhula atakhala. Analankhula bwino, ndikunena zoona. Anayamba m'Chingerezi, anapsa mtima n'kugwera m'Chishona, ndipo penapake Chichewa chinawapulumuka. Khansala wina wachinyamata ankagwedeza mutu kuwavomereza. Enawo anati ngalande ndi ngalande, mvula ikubwera, ndipo mwana akadzagundidwa ndi kombi anthu adzaloza chala komiti yomweyi.

Kenaka ndinaona dzanja la ankhoswe likupita pansi pa mpando. Ndinayesa kuwayang'ana m'maso, ndinatsokomola, ndinagwetsa ngakhale cholembera, koma mlembi salankhula pa msonkhano asanafunsidwe. Anatenga chipewa, anaweramira wapampando mwaulemu, n'kutuluka. Chitseko chinatsekeka bwinobwino, osamenyetsa.

Ine ndinachita zimene ndinkachita nthawi zonse chitseko chikatseguka. Ndinayang'ana wotchi yapakhoma, ndinalemba nthawi, ndinawerenga mitu. Inatsala isanu. Wapampando anandiyang'ana n'kufunsa ngati kolamu ilipo, ndipo ndinayankha kuti ilipo. Akanatuluka munthu winanso mmodzi, ngakhale wopita kukataya madzi, ndikanamuuza wapampando kuti aime. Koma onse anakhala phee, ndi wina yemwe amene nthawi zonse foni yake inkamuitanira panja. Khansala mmodzi anapereka ganizo loti lipoti livomerezedwe, wina anasekonda. Wapampando anafunsa ngati alipo wotsutsa. Wachinyamata uja anayang'ana mpando wopanda munthu uja, anayang'ana pansi, osanena kanthu. Mfundo inadutsa popanda wotsutsa, ndipo tinapita pa nambala eyiti, nkhani ya magetsi a mumsewu.

Msonkhano utatha ndinatuluka nditanyamula mafayilo. Ankhoswe anali pa benchi m'khonde, chipewa chili pa bondo, msana uli chilili. Anali akudikirabe anthu awiri oti adzawapepese. Makhansala anzawo anawadutsa akuseka nkhani zawo, wina anawagwira paphewa n'kuwafunsa ngati shuga wawavuta. Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo pa ntchito imeneyi.

Maminitsi salemba zonse zimene anthu alankhula. Tikanatero tikanamaliza mapepala a mzinda wonse. Timalemba amene analipo, amene anapepesa kuti sabwera, mfundo za zokambirana mwachidule popanda mayina, ndi chimene komiti yagwirizana. Choncho mawu onse a ankhoswe, ndi Chichewa chawo chomwe, anasanduka mzere umodzi wonena kuti membala wina anadandaula kuti malo atsopanowo ali kutali ndi ogula. Dzina lawo linaoneka pamalo awiri okha: pa mndandanda wa amene analipo, ndi pa mzere wonena kuti khansala wakutiwakuti anatuluka mumsonkhano nthawi yakutiyakuti, nkhani ya nambala seveni ili mkati. Pansi pake panali mfundo ya komiti.

Maminitsi a komiti amalowa m'mapepala a msonkhano wa khonsolo yonse, ndipo mapepalawo amapita kwa khansala aliyense. Sindikudziwa amene anajambula tsamba lija pa foni, koma pasanathe masiku atatu linali litazungulira renki yonse. Nkhani inali m'kamwam'kamwa: nkhani yathu itafika, sekuru, monga ankawatchulira ankhoswe m'Chishona, anathawa. Ena anawonjezera mchere, amvekere anawadyetsa chibanzi eni makombi. Lamlungu kutchalitchi, mayi wina amene anali mtsogoleri wa amayi a pa renki, mayi wamtali wa mawu ngati belu, anawadutsa ankhoswe pakhomo osawapatsa moni. Kwathu kuno munthu wamkulu akhoza kupirira njala, koma osati kumanidwa moni pakhomo la tchalitchi anthu akuona.

Lolemba madzulo ankhoswe anabwera kunyumba kwanga. Sanatumize uthenga kuti ndipite kwawo, monga zinkayenera kukhalira. Anabwera okha pa kombi, ndipo zimenezo zinandiuza kuti zinthu zavuta. Ndinagwada, ndinawapatsa moni, ndinaika tiyi. Sanamwe.

"Mwananga, pepala lija walemba ndiwe?"

"Ndine, bambo."

"Unalipo. Unamva ndi makutu ako kuti ndinakana. Ndinakana mpaka kutuluka. Nanga bwanji pepala lako likuti palibe anakana?"

"Pamene wapampando ankafunsa wotsutsa, inu munali panja, bambo."

"Kutulukako sikukana? Iwe wakulira pati? Bambo ako sanakuuze tanthauzo la chipewa?"

"Anandiuza. Koma khonsolo simva chipewa, bambo. Imamva dzanja lokwezedwa ndi mawu onenedwa munthu ali pampando pake."

Anatsitsa mawu. "Zvakanaka, chabwino. Ndalakwitsa ine. Koma si bodza limene ndikukupempha. Ungowonjezera kamzere kamodzi, kakuti khansala uyu anakana. Mtima wanga unakana, iwe ukudziwa, Mulungu akudziwa. Amayi aja akunditcha wogulitsa anthu. Ine amene ndinaika m'manda amuna awo? Ndinakuimira pa ukwati wako, mwananga. Sindinakupemphepo kanthu."

Pamenepo ndiye panali povuta. Fayilo inali pa kompyuta yanga ku ofesi, ndipo kamzere kameneko kakanandidyera mphindi imodzi. Amuna anga, amene ankamvetsera ali kuchipinda, anatsokomola kutsokomola kumene ndinakumva bwino tanthauzo lake. Koma ndinkadziwa zinthu ziwiri. Choyamba, anthu asanu anaona chitseko chikutsekeka, ndipo pa msonkhano wotsatira, pamene komiti imavomereza kuti maminitsi ndi olondola, mmodzi wa iwo akanaimika dzanja. Pamenepo ankhoswe akanakhala wothawa komanso wonama, ine n'kukhala mlembi wolembera abale ake. Chachiwiri, ndipo ichi ndi chimene chinandilimbitsa mtima, ndinkadziwa kuti nkhaniyo inali isanathe.

"Kamzereko sindilemba, bambo," ndinatero. "Mundikhululukire. Koma mukandimvera, dzina lanu ndilemba pamalo abwino kuposa pamenepo, anthu onse akuona."

Anayang'ana chipewa chawo chimene chinali pa mkono wa mpando. Ndinadziwa kuti akachitenga ndiye kuti ine ndi amuna anga titumiza anthu kukapepesa mpaka Khirisimasi. Sanachitenge. Anatenga kapu ya tiyi, amene anali atazizira kale.

Ndinatulutsa kabuku kanga ka malamulo oyendetsera misonkhano, kamene chikuto chake chinali chomatamata ndi selotepi. Khansala aliyense amapatsidwa kake tsiku lolumbira, ndipo ka ankhoswe ndikukhulupirira kanali m'kabati pamodzi ndi mbale za alendo. Ndinawafotokozera kuti pa nkhani ngati imeneyi komiti yathu inalibe mphamvu yogamula. Inkangopereka ganizo, ndipo mwini wake wa chigamulo anali msonkhano wa khonsolo yonse, umene anthu wamba amaloledwa kudzaonerera. Wapampando wa komiti akapereka lipoti lake, meya amadutsa mfundo imodziimodzi. Ikafika nambala seveni, iwo aimirire n'kupempha kuti mfundoyo ibwezedwe ku komiti kuti ikaunikidwenso. Asadikire kuti meya adutse, chifukwa akangopita pa nambala eyiti ndiye kuti basi.

"Mufunika wosekonda, bambo. Popanda iyeyo ganizo lanu lifera m'kamwa, silikambidwa n'komwe. Mupite kwa mnyamata uja ankagwedeza mutu, mukamupemphe lero."

"Ine kukapempha mwana uja?"

"Muli muja si mwana. Voti yake ndi yanu n'zofanana msinkhu."

Anaseka pang'ono, koyamba chilowereni m'nyumba. Ndinapitiriza. Mavoti ambiri amachitika pokweza manja, ndipo ine ndimalemba chiwerengero chokha, akuti ovomereza, akuti okana. Manja alibe mayina. Koma malamulo athu ankalola khansala kupempha, kuvota kusanayambe, kuti mavoti alembedwe ndi mayina. Ndipo ngakhale atagonja, ankatha kuimirira nthawi yomweyo n'kunena kuti kukana kwake kulembedwe m'maminitsi. Ndinawalembera mawu ake pa kapepala m'zilembo zikuluzikulu.

"Nanga akandiseka? Akandinyoza pamaso pa amayi aja?"

"Mukhale pansi, bambo. Akakutukwanani, mukhale pansi. Denga likagwa, mukhale pansi mpaka dzina lanu liitanidwe. Chipewa mundisiyire ine."

Sanandisiyire, koma pa tsiku la msonkhano wa khonsolo yonse ndinaona kuti achiika pa tebulo patsogolo pawo n'kuchipsinja ndi mpukutu wa mapepala a ajenda. Malo a anthu oonerera anali odzaza ndi amayi a pa renki, atavala zitenje zawo zabwino, nkhope zili gwa. Sanabwere kudzawachemerera ayi. Anabwera kudzaona ndi maso awo mmene sekuru amathawira. Mayi wa mawu ngati belu uja anali kutsogolo, atapinda manja.

Ine ndinali pa tebulo la alembi, pansi pa mpando wa meya. Tinawerenga mitu, kolamu inakwana, tinavomereza maminitsi a msonkhano wapitawo, malipoti anayamba. Lipoti la komiti yathu litafika pa nambala sikisi, ankhoswe anali atagwira kale m'mphepete mwa tebulo. Meya asanamalize kutchula seveni, iwo anali chilili. Anawerenga kapepala kaja liwu ndi liwu, wachinyamata uja anasekonda, mtsutso unayamba. Unali wotentha. Khansala wina, munthu wa pakamwa, ananena kuti n'zodabwitsa kuti mkuluyu lero ali ndi mawu, pamene mu komiti anasiya mpando ukuzizira. Chipinda chinaseka, ndipo ena mwa amayi aja anaseka nawo. Ndinaona dzanja la ankhoswe likuyenda pa tebulo mpaka kukhudza mlomo wa chipewa. Linakhala pamenepo kanthawi, kenaka linabwerera n'kukagwira kapepala kaja.

Meya atati tivote, ankhoswe anaimiriranso n'kupempha kuti mavoti alembedwe ndi mayina. Bwana wanga, mkulu wa alembi, anayamba kuitana makhansala mmodzimmodzi, ine ndikulemba yankho la aliyense pambali pa dzina lake. Ena amene ankalankhula mokweza pa mtsutso anayankha ndi timawu tating'ono, poti tsopano amayi a pa renki ankamva kuti wakuti wati chiyani. Dzina la ankhoswe litaitanidwa, yankho lawo linamveka mpaka panja.

Anagonja. Kusiyana kwake kunali kochepa, koma kugonja ndi kugonja, ndipo ganizo lobweza nkhani ku komiti linakanidwa. Meya anafunsa ngati khonsolo ikuvomereza mfundo ya komiti, manja anakwera, inadutsa. Ankhoswe anaimirira kachitatu n'kunena kuti kukana kwawo kulembedwe. Meya anayang'ana kwa ife. Ndinalemba dzina lawo lonse ndi dzanja langa, ndipo sindinalembepo mzere wina ndi mtima wokondwa chotero. Iwo anakhala pansi, ndipo anakhalabe mpaka msonkhano unatha, ndi nkhani ya magetsi yomwe.

Amayi aja anasamutsidwa mvula isanayambe. Sindinganame kuti kuseri kwa mashopu kunawakomera. Ena anazolowera, ena anayamba kuyenda ndi madengu m'misewu. Chigamulo cha khonsolo chikadutsa sichisinthidwa chifukwa choti mlembi ali ndi chisoni.

Maminitsi a msonkhano uja atavomerezedwa pa msonkhano wotsatira n'kusainidwa ndi meya, ndinauzidwa kuti pali mayi akundifuna pa kauntala. Anali wa mawu ngati belu uja. Anati wamva kuti munthu wokhala mumzinda ali ndi ufulu woona buku la maminitsi a khonsolo. Ndinati wamva zoona, n'kulibweretsa.

"Ine sukulu ya pafamu ndinalekera panjira, asisi," anatero. "Za pa foni zija anatiwerengera ndi ana. Izi ndikufuna mundionetse ndinu. Dzina la sekuru lili papi?"

Ndinatsegula tsamba lake, ndinamuwerengera mayina a amene anavota kuti nkhani ibwerere ku komiti, kenaka mzere wa kukana kwa ankhoswe, ndikumasulira m'Chichewa. Anaika chala chake pa dzinalo, chala chakuda ndi makala ootchera chimanga, ndipo chinasiya kachizindikiro pambali pa tsamba. Tsiku lina lililonse ndikanakalipa, chifukwa buku limenelo sindinkalola ngakhale khansala kuligwira akudya.

"Izi sizifufutika?"

"Zasainidwa, mayi. Ngakhale ine sindingazisinthe."

"Nanga tsiku loyamba lija, anatulukiranji?"

"Anatenga chipewa," ndinatero. "Anakhala pa benchi panja kudikira kuti awatumizire anthu."

Mayiyo anandiyang'ana, n'kugwira pakamwa. Iyenso anakulira m'mabungwe athu omwewa, ndipo sanafunikire kumufotokozera zambiri. "Maiwe," anatero chapansipansi. "Ndiye palibe anapita?"

"Palibe."

Lamlungu lotsatira, mapemphero atatha, ankhoswe anaima pakhomo la tchalitchi pamalo awo a nthawi zonse, chipewa chili m'manja. Ndinaona mayi uja akubwera, ndipo sanali yekha. Anatenga mnzake mmodzi wa pa renki, kuti akwane awiri monga mwa mwambo. Anagwada pa simenti anthu onse akuona, ndipo mawu aja a belu anatsika mpaka ine amene ndinali pafupi ndinachita kutchera khutu.

"Bambo, tabwera kudzakutengani. Tachedwa, koma tabwera."